Asupavayiza akuti mu pulopozo yanga mulibe vuto. Ndikulakwitsa pati?

*Ndili chaka chomaliza cha digiri ya unamwino. Kafukufuku wanga ndi wokhudza odwala matenda othamanga magazi amene amasiya kubwera ku kiliniki. Asupavayiza andibwezera pulopozo katatu. Pa ndime yofotokoza vuto analembapo kuti "vuto lili kuti?", pa zolinga analembapo kuti "izi muziyeza bwanji?" Ndimeyo imayamba ndi kuopsa kwa matendawa padziko lonse, ndipo inadzadza masamba awiri. Cholinga changa chachikulu ndi "kuchepetsa chiwerengero cha odwala osiya chithandizo", ndipo pansi pake pali zolinga zing'onozing'ono zisanu ndi ziwiri. Ndikulakwitsa pati?*

Mutu wanu ndi wabwino, musausiye. Chimene chachitika n'chakuti mwalemba za vuto la odwala, pamene asupavayiza akufuna vuto la kafukufuku. Ziwirizi zimayenda limodzi koma si chinthu chimodzi. Vuto la odwala ndi lakuti anthu akusiya mankhwala, ena akufa ziwalo, ena akumwalira. Vuto la kafukufuku ndi lakuti pali chinthu chimene sitikuchidziwa, ndipo kusachidziwako kukumanga manja munthu amene amayenera kuchitapo kanthu. Kafukufuku sachiritsa munthu. Ntchito yake ndi kuyankha funso. Ndiye asupavayiza akamafunsa kuti vuto lili kuti, akufunsa kuti: n'chiyani chimene sichikudziwika, ndipo ndani akuvutika chifukwa chosachidziwa?

Muyeso umene ine ndimapatsa ophunzira anga ndi wakale ndithu. Unalembedwa ndi Andrew Fisher ndi anzake m'buku lawo la 1983 lophunzitsa kafukufuku wa ntchito za kulera, ndipo mpaka pano sindinaupeze woposa. Iwo anati vuto limasanduka lofunika kafukufuku pakakhala zinthu zitatu. Pakhale kusiyana pakati pa zimene zikuchitika ndi zimene zimayenera kuchitika. Chifukwa cha kusiyanako chikhale chosadziwika bwino. Ndipo pakhale mayankho awiri kapena kuposerapo, onse omveka, amene angathe kukhala oona.

Mfundo yachitatuyi ndi imene ophunzira ambiri amaidumpha. Tinene kuti kiliniki inatha miyezi inayi yopanda mankhwala, odwala n'kusiya kubwera. Kusiyana kulipo, vuto ndi lalikulu, koma chofufuza palibe, chifukwa yankho aliyense akulidziwa. Pamenepo pakufunika mankhwala, osati mafunso. Koma ngati mankhwala alipo, anthu n'kumasowabe, anamwino ena akuti ndi kutalika kwa mtunda, ena akuti odwala akangoona kuti mutu wasiya kuwawa amayesa achira, enanso akuti ndi mzere wa maola ambiri, apo ndiye muli ndi kafukufuku. Mayankho atatuwo akupikisana, ndipo lililonse likupempha njira yakeyake yothetsera vutolo. Ngati ndi mtunda, kiliniki ipereke mankhwala a miyezi itatu nthawi imodzi. Ngati ndi kusamvetsa matenda, ikonze uphungu. Ngati ndi mzere, isinthe ndondomeko ya masiku. Mkulu wa kiliniki sangachite zonsezi pakamodzi, ayenera kusankha. Kusowa posankha kumeneku ndiye vuto limene asupavayiza akulisaka m'masamba anu awiri aja.

Musanalembenso, pitani ku kaundula

Ndime yofotokoza vuto siilembedwa pa desiki pokha. Chifukwa chimene ophunzira amadzadzira masamba ndi ziwerengero za dziko lonse lapansi n'chakuti sanapite kukaona malo amene akufuna kufufuza. Alibe chonena za malowo, ndiye amathawira kutali. Pemphani chilolezo kwa oyang'anira kiliniki kuti muone malipoti awo a pamwezi, kapena akuuzeni okha manambala a chidule. Pa nthawi ino simukutenga mayina a odwala ayi, zimenezo zidikire chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku. Mukungofuna kudziwa ngati vuto lilipodi, ndi kukula kwake mongoyerekeza.

Tiyerekeze, pofuna kuphunzira chabe, kuti mwapeza izi: chaka chatha kiliniki inalembetsa odwala 600, ndipo lipoti likusonyeza kuti pafupifupi 210 mwa iwo sakuonekanso. Amenewo ndi anthu 35 pa 100 aliwonse. Manambalawa ndawapeka kuti tione kagwiridwe kake, inu mudzaikepo enieni.

Mukangoona nambala ngati imeneyi, funso loyamba likhale lakuti: "sakuonekanso" akutanthauza chiyani? Munthu amene anachedwa ndi sabata ziwiri wasiya chithandizo? Nanga amene anasowa miyezi isanu kenako n'kubwerera? Nanga amene anasamukira ku chipatala china atatenga kalata? Nanga amene anamwalira? Onsewa m'kaundula amaoneka mofanana, mzere wopanda kanthu. Apa ndi pamene mawu anu akuti "osiya chithandizo" akugwa. Kaundula sakuuzani kuti munthu wasiya mankhwala, mwina akugula ku famase. Kaundula akungokuuzani kuti sanabwere. Choncho chimene mungathe kuchiyeza ndi kusabwerera ku kiliniki, ndipo muyenera kuchiikira malire. Mwachitsanzo: wodwala amene wapyola masiku 90 kuchokera tsiku limene anauzidwa kuti abwere, ndipo sanalembedwe kuti anamwalira kapena anasamutsidwa. Masiku 90 si lamulo la paliponse. Onani ngati ndondomeko ya unduna wa zaumoyo kwanuko ili ndi malire ake, kapena tengani amene ofufuza ena anagwiritsa ntchito, kuti zotsatira zanu zidzathe kuyerekezedwa ndi zawo. Chachikulu n'chakuti musankhe malire amodzi, muwalembe, ndipo musawasinthenso pakati pa ulendo.

Ndakhalitsa pa mfundoyi dala. Mapulopozo ambiri amene ndawaona akugwa sanagwe chifukwa cha masamu. Anagwa chifukwa liwu lalikulu la mutu linali lopanda malire, ndipo wophunzira anazindikira zimenezi atasonkhanitsa kale deta yonse.

Chimene ena anapeza, ndi pamene anasiyira

Kenako werengani. Apa musawerenge pofuna kuonetsa kuti matendawa ndi oopsa, aliyense wowerenga pulopozo yanu akudziwa kale. Werengani pofuna kupeza pamene chidziwitso chikuthera. Lipoti la bungwe la WHO la 2003 lonena za kutsatira chithandizo cha matenda okhalitsa linati m'mayiko olemera pafupifupi theka lokha la odwala ndi limene limatsatira mankhwala moyenera, ndipo linagawa zifukwa m'magulu asanu: za moyo ndi chuma cha munthu, za chipatala ndi ogwira ntchito, za matendawo, za mankhwalawo, ndi za wodwala mwini. Magulu asanuwa angakuthandizeni kusanja zimene mukuwerenga. Mukasanja mudzaona gulu limene ladzaza ndi limene lili pululu. Mwina mudzapeza kuti ambiri anafufuza kamwedwe ka mapilitsi pofunsa odwala amene ali pamzere, koma za amene anasoweratu n'zochepa. Ngati mwapezadi zimenezo, mpata wanu ndi umenewo.

Pali chiganizo chimodzi chimene ndikupemphani kuti musachidalire: "Palibe kafukufuku amene anachitika pa kiliniki imeneyi." Mwina n'zoona, koma pachokha sichikwanira. Zinthu zosafufuzidwa n'zambirimbiri, ndipo zambiri mwa izo sizinafufuzidwe chifukwa palibe akuzifuna. Muyenera kuonjezera chifukwa chimene zotsatira za kwina sizingangotengedwa n'kugwiritsidwa ntchito pano. Mwina kafukufuku winayo anachitika kumene odwala amalipira mankhwala pamene pano salipira. Mwina anachitika m'chipatala chachikulu chokhala ndi madokotala a mtima pamene kiliniki yanu imayendetsedwa ndi anamwino. Mwinanso ofufuza awiri anapeza zotsutsana. Chifukwa chotere ndi chimene chimasandutsa "palibe anachita" kukhala mpata weniweni. Komanso samalani ndi liwu loti "palibe". Wochonga mayeso akangodziwa pepala limodzi limene inu simunalione, chiganizo chonse chagwa. Ndi bwino kunena zimene mwapeza ndi zimene sizikuyankha.

Tsopano mutha kulemba. Ndime ya vuto ya mtundu wa kafukufuku wanu ingamveke chonchi, ndi manambala oyerekeza aja:

*Wodwala matenda othamanga magazi amayenera kubwera ku kiliniki pa tsiku limene wapatsidwa kuti ayezedwe ndi kulandira mankhwala, chifukwa chithandizochi ndi cha moyo wonse. Pa kiliniki yakutiyakuti, malipoti akusonyeza kuti mwa odwala 600 amene analembetsa chaka chatha, pafupifupi 210 sakuonekanso. Wodwala amene sakulandira chithandizo amakhala pachiopsezo cha kufa ziwalo, matenda a mtima ndi a impso. Kafukufuku wa m'madera ena watchula mtunda, kuchuluka kwa mapilitsi ndi kusamvetsa matenda, koma wambiri anafunsa odwala amene akubwerabe, ndipo anachitika m'zipatala zazikulu. Sizikudziwika kuti pa kiliniki ino ndi odwala angati amene asiyadi kubwera tikachotsa omwalira ndi osamutsidwa, ndi odwala otani amene amasowa kwambiri, ndiponso eni ake amapereka zifukwa zanji. Popanda kudziwa zimenezi, oyang'anira kiliniki alibe poyambira posankha pakati pa kupereka mankhwala a nthawi yaitali, kukonza uphungu, kapena kusintha ndondomeko ya masiku.*

Ziganizo zisanu ndi chimodzi basi, ndipo mukaika umboni wa chiganizo chilichonse sizipitirira theka la tsamba. Nkhani ya dziko lonse lapansi ija musaitaye, isamutsireni ku ndime yoyamba ya pulopozo, yofotokoza maziko a nkhani, kumene ndi kwawo. Onaninso kuti mundimeyi mulibe yankho. Ophunzira ena amalemba kuti "vuto ndi lakuti palibe pulogalamu yokumbutsa odwala pa foni". Ameneyo wabisa yankho lake m'kati mwa vuto, waweruza mlandu asanamve mboni. Kusowa kwa chinthu chimene inu mukuchikonda si vuto. Vuto ndi odwala amene akusowa.

Chiganizo chachisanu, chija chikuyamba ndi "sizikudziwika", ndiye mtima wa pulopozo yonse. Chili ndi zinthu zitatu zosadziwika. Zolinga zanu zituluka m'menemo, chimodzi pa chosadziwika chilichonse, ndipo kwina kulikonse kumene cholinga chingachokere n'kokayikitsa.

Zolinga

Cholinga chanu chachikulu, "kuchepetsa chiwerengero cha odwala osiya chithandizo", ndi khumbo labwino, koma ndi cholinga cha kiliniki, osati cha kafukufuku. Dzifunseni kuti: tsiku limene ndidzapereke buku langa kwa ochonga mayeso, ndidzakhala nditachita chimenechi? Simudzakhala mutachepetsa kanthu. Mudzakhala mutawerenga, mutayerekeza, mutafunsa. Cholinga chikhale chinthu chimene inuyo mudzachimalize ndi manja anu m'miyezi imene muli nayo. Khumbo lochepetsa lija lipite ku ndime yonena za phindu la kafukufuku.

Cholinga chachikulu chikhale chiganizo chimodzi chotchula chimene mukufufuza, mwa ndani, kuti, ndi liti: *Kufufuza kukula kwa vuto la kusabwerera ku kiliniki ndi zinthu zogwirizana nalo pakati pa akuluakulu odwala matenda othamanga magazi amene analembetsa pa kiliniki yakutiyakuti kuyambira Januwale mpaka Disembala chaka chakutichakuti.*

Zing'onozing'ono zikhale zitatu. Choyamba: kupeza gawo la odwala amene anapyola masiku 90 osabwera m'miyezi 12 yoyamba chilembetsereni. Chachiwiri: kuyerekeza odwala amene anasowa ndi amene anapitiriza pa msinkhu, kukhala mwamuna kapena mkazi, mtunda wochokera kunyumba, chiwerengero cha mitundu ya mankhwala, ndi kukhalanso ndi matenda a shuga. Chachitatu: kufotokoza zifukwa zimene odwala amene anasowa amapereka okha.

Asupavayiza anafunsa kuti muziyeza bwanji. Njira yodziwira ngati cholinga chikuyezeka ndi iyi, ndipo ndimaikhulupirira kuposa ina iliyonse: pa cholinga chilichonse, jambulani tebulo lopanda manambala limene lidzakhale m'mutu wa zotsatira. Lembani mitu ya mizere yoima ndi yogona, mabokosi musiye opanda kanthu. Pa cholinga choyamba tebulo likubwera lokha: onse olembetsa, opitiriza, osamutsidwa, omwalira, osowa, ndi peresenti ya gulu lililonse. Pa chachiwiri, mizere yogona ndi zinthu zisanu zija, yoima ndi osowa ndi opitiriza. Pa chachitatu si tebulo la manambala, koma mukudziwa kuti mudzakhala ndi mitu ya zifukwa ndi mawu a odwala pansi pa mutu uliwonse. Tsopano yesani kujambula tebulo la cholinga chakuti "kumvetsa mavuto amene odwala amakumana nawo" kapena "kudziwa zambiri za matenda othamanga magazi". Cholembera chiima, chifukwa simukudziwa choti muike pamwamba pa mzere woyamba. Cholinga chimene tebulo lake likukanika sichinapse.

N'chifukwa chake aphunzitsi amakana mawu monga kumvetsa, kudziwa, kuzindikira ndi kuphunzira. Sikuti ndi mawu oipa. Kungoti zimenezi zimachitika m'mutu mwanu, ndipo palibe angaone tsiku limene zatha. Kupeza gawo, kuyerekeza, kuyeza, kufotokoza, izi zimasiya chinthu pa pepala.

Mneni amene mwasankha amakumangiraninso njira, ndipo apa pali msampha umene umakola ngakhale ophunzira akhama. Taonani kuti m'cholinga chachiwiri ndalemba "kuyerekeza", ndipo m'chachikulu ndalemba "zinthu zogwirizana nalo". Sindinalembe "zoyambitsa". Mukapeza m'kaundula kuti odwala okhala kutali amasowa kwambiri, mwaonetsa kuti ziwirizi zimayendera limodzi, koma simunaonetse kuti mtunda ndi umene ukuchititsa. Mwina okhala kutaliwo ndi amenenso ali ndi chipatala china pafupi, ndipo anangosamukira komweko osanena. Mukalonjeza "kupeza zoyambitsa" kapena "kuyeza mmene mtunda umakhudzira", mwalonjeza zimene kaundula sangathe kukupatsani, ndipo ochonga mayeso adzakugwirani ndi mawu anu omwe.

Msampha wachiwiri ndi waukulu kuposa uwu. Ndikukayika ngati pulopozo yanu ilibe chiganizo chonena kuti mudzapereka pepala la mafunso kwa odwala pa tsiku la kiliniki. Ambiri amalemba choncho chifukwa ndi njira yapafupi. Koma taganizani: anthu amene mukuwafufuza ndi amene sabwera. Pamzere paja palibe ngakhale mmodzi wa iwo. Mukafunsa amene alipo kuti anzawo amasiyiranji, mudzamva maganizo a anthu opirira onena za anthu amene iwo sawadziwa. Ndinaonapo wophunzira atadzadzitsa mapepala mazana angapo mwa njira imeneyi, ntchito ya miyezi iwiri, ndipo panalibe pepala ngakhale limodzi loyankha funso lake. Zinandiwawa, chifukwa cholakwacho chikanaoneka pa tsiku loyamba akanangofunsidwa kuti: deta ya cholinga ichi ili m'manja mwa ndani?

Funso limeneli lifunseni pa cholinga chilichonse. Deta ya choyamba ndi chachiwiri ili m'kaundula ndi m'mafayelo a odwala. Ndiye pitani mukaone ngati zinthu zisanu zija zimalembedwadi. Ngati mtunda sulembedwa koma dera lokhala limalembedwa, mutha kugawa madera kukhala apafupi ndi akutali. Ngati ndalama zimene munthu amapeza sizilembedwa paliponse, musaziike m'cholinga, ngakhale mabuku onse atazitchula. Deta ya chachitatu ili kwa anthu amene anasowa, ndiye muyenera kuwalondola kudzera pa manambala a foni a m'mafayelo. Zimenezi zikutanthauza kuti komiti ya chilolezo idzafuna kudziwa amene adzayambe kuwaimbira (kawirikawiri amafuna akhale wogwira ntchito pa kilinikiyo, osati mlendo), zimene mudzanene foni ikayankhidwa ndi wachibale amene sakudziwa za matendawo, ndi zimene mudzachite mukamva kuti munthuyo anamwalira kapena akudwala kwambiri. Ngati nthawi kapena ndalama sizikulola zonsezi, chotsani cholinga chachitatu, ndipo muchotsenso mawu akuti "eni ake amapereka zifukwa zanji" m'ndime ya vuto. Kafukufuku wa zolinga ziwiri zomalizidwa bwino ndi wolemekezeka kuposa wa zitatu zimene chimodzi chinayankhidwa ndi anthu olakwika.

Zolinga zikaima bwino chonchi, nkhani ya sampulo imene imasowetsa tulo ophunzira imapepuka. Ambiri amangokopera nambala ya 384 chifukwa anaiona m'buku la mnzawo. Nambalayi imachokera pa fomula iyi, mmene n ndi kukula kwa sampulo, p ndi gawo limene mukuliyembekezera, d ndi malire a kulakwitsa amene mwalola, ndipo z ndi nambala yoimira mulingo wa chitsimikizo umene mukufuna:

```
n = z² × p(1 − p) / d²
n = 1.96² × 0.5 × 0.5 / 0.05² ≈ 384
```

Ntchito yake ndi yoyerekeza gawo limodzi pakati pa anthu ochuluka kwambiri, pamene simungathe kuwawerenga onse. Inu muli ndi mafayelo 600, ndipo pa cholinga choyamba mutha kuwawerenga onse, osatenga sampulo n'komwe. Pa chachiwiri, lamulo la chidule limene ambiri amatsata ndi lakuti pakhale anthu osachepera khumi amene chinthucho chinawachitikira pa chinthu chilichonse chimene mukuchiyesa pamodzi ndi zinzake. Ngakhale osowa enieni atatsika kufika pa 150 mutachotsa omwalira ndi osamutsidwa, zinthu zisanu zikukwana bwino lomwe. Pa chachitatu simukufuna mazana. Kucheza mozama ndi anthu 12 mpaka 20, osankhidwa kuti akhale osiyanasiyana, achikulire ndi achinyamata, apafupi ndi akutali, kumakwanira pa digiri yoyamba, ndipo mumaleka pamene zifukwa zatsopano zasiya kutuluka. Mwaona kuti cholinga chilichonse chabweretsa njira yake ndi nambala yake. Imeneyi ndiyo ntchito ya zolinga. Zikalembedwa mwachimbulimbuli, mutu wa njira za kafukufuku umasanduka wongokopera.

Nanga zolinga zisanu ndi ziwiri zija?

Sindinazione, koma ndikhoza kulosera zina, chifukwa zimabwera chaka ndi chaka. Pamakhala chakuti "kuwerenga mabuku okhudza matendawa". Chimenecho ndi sitepe ya ntchito, si cholinga, chimodzimodzi "kukonza pepala la mafunso" ndi "kusonkhanitsa deta". Pamakhala chakuti "kupereka malangizo kwa oyang'anira". Masukulu ena amachifuna, ndiye tsatani buku la malamulo la dipatimenti yanu, koma mwa icho chokha sichifuna deta yatsopano, chimangobadwa kuchokera ku zinazo. Pamakhala chakuti "kuyeza chidziwitso, maganizo ndi machitidwe a odwala", chimene ndi kafukufuku wathunthu payekha, ndipo chimalowa chifukwa wophunzira wapeza pepala la mafunso lokonzeka kale. Pamakhalanso zolinga zamapasa, monga "kupeza chiwerengero cha osowa ndi kuunika ubwino wa chithandizo", pamene "ndi" wapakatiyo wabisa ntchito ziwiri zosiyana. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Cholinga chilichonse chimene mwalemba ndi ngongole imene mudzaibweze m'mutu wa zotsatira, m'mutu wokambirana zotsatirazo, ndiponso pamaso pa ochonga mayeso.

Mwina mwauzidwa kuti zolinga zikhale SMART, chidule cha mawu achingerezi ofotokoza mmene cholinga chabwino chimakhalira. Ndi chikumbutso chothandiza, koma dziwani kumene chinachokera. George Doran anachilemba mu 1981 polangiza mamanijala a makampani za zolinga za ntchito, osati ofufuza. Chimakuthandizani kuona ngati cholinga chili cholunjika, choyezeka ndi chokhala ndi nthawi, koma sichingakuuzeni ngati cholingacho chikuyankha vuto lanu. Cholinga chikhoza kukhoza mayeso onse a SMART n'kukhalabe mlendo mu pulopozo. Chimene chimagwira mlendo wotere ndi kuyala zinthu pambali ndi pambali.

Tengani pepala limodzi, muligawe m'mizere inayi yoima. Mu woyamba lembani chosadziwika chilichonse chochokera m'chiganizo chija cha "sizikudziwika". Mu wachiwiri lembani cholinga choyankha chosadziwikacho. Mu wachitatu lembani kumene deta ili ndi mmene mudzaitengere. Mu wachinayi lembani tebulo limene lidzatuluke. Mzere wogona uliwonse udzaze kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Cholinga chimene kumanzere kwake kulibe kanthu chichoke, kapena ndime ya vuto ikonzedwe kuti chikhale ndi pochokera. Chosadziwika chimene chilibe cholinga chichotsedwe m'ndime ya vuto, chifukwa mwadzutsa funso limene simudzaliyankha. Ngati sukulu yanu imafunanso mafunso a kafukufuku, musapeke atsopano. Tembenuzani cholinga chilichonse chikhale funso, mawu ake omwewo, ndondomeko yake yomweyo.

Pa mawu omwewo ndikutsindika. Kusukulu tinaphunzitsidwa kuti kubwereza liwu ndi ulesi, ndiye ophunzira amasinthasintha: pamutu "kusiya chithandizo", m'ndime ya vuto "kusatsatira malangizo", m'zolinga "kujomba ku kiliniki". Kwa wochonga mayeso izi ndi zinthu zitatu zosiyana, zoyezedwa mosiyana. Kusatsatira malangizo kumayezedwa powerenga mapilitsi otsala kapena pofunsa kamwedwe, pamene kusabwerera kumayezedwa ndi madeti a m'kaundula. Sankhani limodzi liyende kuyambira pamutu mpaka kumapeto. Izi zikhudzanso mutu wanu: ngati mukuyeza kusabwerera ku kiliniki, mutuwo unene zomwezo.

Ulendo uno musapite kwa asupavayiza ndi pulopozo yonse yokonzedwanso. Pitani ndi masamba awiri okha: ndime ya vuto ya ziganizo zisanu ndi chimodzi yokhala ndi manambala enieni a kiliniki yanu, ndi pepala la mizere inayi lija. Apempheni kuti mugwirizane pa zinthu ziwiri musanalembe china chilichonse, malire a masiku osonyeza kuti wodwala wasowa, ndi ngati nthawi imene yatsala ikulola kulondola odwala pa foni. Yankho lawo pa funso lachiwirili ndi limene lidzakuuzeni ngati mutsale ndi zolinga zitatu kapena ziwiri.